KULOWETSA MUNTHU PA MPANDO WOPANDA MWINI M'KOMITI, NDI MALEMBEDWE ACHE M'BUKHU

*Awa ndi mau amene Mlembi wa Nthambi yathu analankhula pa msonkhano wa mamembala. Tawasindikiza chifukwa alembi a nthambi zina anawapempha.*



Lero sindilankhula za mtengo wa chimanga kapena za mseu wathu. Ndilankhula za kanthu kamene kaoneka kakang'ono, ndiko mizere isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri imene mlembi alemba m'bukhu la maminitsi pamene komiti yalowetsa munthu watsopano pa mpando umene wasiyidwa. Ndidziwa kuti ena mwa inu muganiza kuti iyi ndi nkhani ya alembi okha. Koma ambiri muno mukumbukira kuti chaka chatha nthambi ino inatsala pang'ono kugawika pakati, ndipo ndalama zathu zinakhala ku banki miyezi iwiri osatheka kuzitapa. Gwero la zonsezo linali mzere umodzi wolembedwa moipa, ndipo amene anaulemba ndine. Chifukwa chache ndiyamba ndi kudziulula ndekha.

Mmene tinalakwira

Komiti yathu iri ndi anthu 10: wapampando ndi wachiwiri wache, mlembi ndi wachiwiri wache, msungichuma, ndi mamembala ena asanu. Onsewa mumawasankha ndinu pa msonkhano waukulu wa pachaka. Titangokolola, msungichuma wathu anapita ku tauni kukafuna nchito. Sanalembe kalata. Anangosiya bokosi la ndalama ndi bukhu la malisiti kwa alamu ache, nati adzabwera posachedwa. Mwezi unatha, wina unathanso, ndipo anthu ofuna kupereka ndalama za makhadi anasowa wowalembera lisiti.

Tsiku lina tinakomana pa maliro. Tinalipo asanu a m'komiti. Titachoka ku manda tinaima pansi pa mtengo, ndipo wina anati, "Bwanji tingowapempha abambo aja a pa golosale agwire bokosi? Masamu amawadziwa." Tonse tinati chabwino. Abambowo sanali a m'komiti, koma anali membala wokhulupirika, ndipo anavomera. Usiku womwewo ndinatsegula bukhu ndi kulemba kuti, "Tasankha Bambo Uje kukhala msungichuma." Ndinatseka bukhu ndi mtima woyera, poganiza kuti ndagwira nchito yanga.

Patapita miyezi isanu ndi iwiri tinafuna kutapa ndalama zogulira malata a chisakasa chino. Ku banki anati dzina la munthu watsopano sangaliike pa osainira ndalama popanda maminitsi oonetsa kuti anaikidwa monga mwa malamulo athu. Ndinapita ndi bukhu. Kalaliki anawerenga mzere wanga uja, nandifunsa kuti msonkhanowo unachitika liti, analipo ndani, ndipo msungichuma wakale anachoka bwanji. Ndinalibe choyankha. Ndiri mphunzitsi, tsiku ndi tsiku ndimauza ana kuti yankho lopanda njira yache sililandira malikisi, koma tsiku limenelo wolephera ndinali ine.

Sabata yomweyo msungichuma wakale anabwera kudzaona ana. Atamva kuti bokosi liri ndi wina, anafika kwathu nafunsa kuti, "Aphunzitsi, anandichotsa ndani, ndipo pa msonkhano uti? Ine anandisankha ndi anthu, osati asanu a pa maliro." Abale ache ndi anzache analeka kupereka ndalama za makhadi. Ena anayamba kunena kuti komiti yabisa kanthu. Palibe tambala imene inasowa, koma tinalibe pepala lotichitira umboni. Akulu anati safunsa anadya phula. Malamulo a nthambi anali m'chikwama changa nthawi yonseyo, koma sindinawafunse.

Kusankha ndi kulowetsa ndi zinthu ziwiri

Funso la msungichuma wakale uja linali loona, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo. Munthu afika m'komiti pa njira ziwiri. Njira yoyamba ndi kusankhidwa ndi mamembala onse pa msonkhano waukulu. Njira yachiwiri ndi kulowetsedwa ndi komiti yokha, pamene mpando wakhala wopanda mwini pakati pa chaka. Njira yachiwiriyi inaikidwa chifukwa sitingathe kuitana anthu a midzi yonse nthawi iriyonse munthu mmodzi akamwalira kapena akasamuka, makamaka pa nthawi ya dzinja pamene mitsinje yadzala ndipo aliyense ali kumunda.

Koma mphamvu yolowetsa munthu si ya komiti mwa iyo yokha. Ndi yobwereka kwa inu mamembala, ndipo munaibwereketsa kudzera m'malamulo a nthambi. Chobwereka chiri ndi malire ache, ndi tsiku lache lobweza. Tsono nchito ya maminitsi ndi kuonetsa kuti komiti sinapyole malirewo. Ndi chifukwa chache mau anga aja akuti "tasankha" anali olakwa kuyambira pa chiyambi. Munthu wowerenga akadaganiza kuti panali chisankho cha mamembala, pamene panalibe. Mlembi alembe kuti "komiti yalowetsa", ndipo mau akuti "anasankhidwa" awasungire msonkhano waukulu.

Mwambo uwu wa makomiti ndi maminitsi tinautenga kwa Angerezi, ndipo nkwabwino kuona mmene eni ache amaumangira. Ku Mangalande kuli makhonsolo ang'ono a m'midzi, amene amayendera lamulo la maboma ang'ono la chaka cha 1972 ndi malamulo ena a chisankho. Kumeneko khansala akakhala miyezi 6 osafika pa msonkhano uliwonse, popanda chifukwa chimene khonsolo inavomereza, mpando wache umatha. Mpando ukakhala wopanda mwini amakhoma chidziwitso poyera. Anthu 10 oponya voti a m'deralo akalemba kupempha chisankho m'masiku 14, osawerenga Loweruka, Lamulungu ndi masiku a tchuthi, chisankho chimachitika. Akapanda kupempha, ndipo pamene khonsolo imalowetsa munthu yokha. Wolowetsedwayo amasaina pepala lovomera udindo, ndipo amakhala pa mpando kufikira chisankho chachikulu chotsatira. Lamulo limenelo silitimanga ife kuno, pakuti ife timangidwa ndi malamulo a nthambi yathu. Koma taonani nzeru yache: poyamba atsimikiza kuti mpando ulidi wopanda mwini, kenaka adziwitsa anthu, ndipo pomaliza aika malire a nthawi. Zitatu zonsezi ife tinazilumpha pansi pa mtengo paja.

Mafunso amene bukhu liyenera kuyankha

Tsopano nditsata mmene tinakonzera cholakwa chathu, pakuti m'menemo muli zonse zimene mlembi ayenera kulemba.

Funso loyamba ndi lakuti, kodi mpando unakhala bwanji wopanda mwini, ndipo liti? Malamulo athu atchula njira zitatu: imfa, kalata yotula pansi udindo, ndi kujomba misonkhano itatu yotsatana popanda kupepesa. Mphekesera yakuti "auje anasamuka" siiri pa njira zimenezi. Mwamwai, chinthu chimodzi ndinali kuchita bwino, ndicho kulemba maina a ofika ndi a opepesa pa msonkhano uliwonse. Tinatsegula bukhu pamaso pa msungichuma wakale, ndipo anaona yekha kuti anajomba misonkhano isanu ndi umodzi osatumiza mau. Anakhala chete pang'ono, nati, "Kusiya sindikana, pakuti ndibwereranso ku nchito. Koma mukadandifunsa." Anapempha pepala, nalemba kalata yotula pansi udindo, ndi kuikapo tsiku ndi dzina lache. Kalatayo ndinaimata m'bukhu. Apa phunziro liripo: ngakhale lamulo la kujomba likwanire, komiti iyambe yamlembera munthuyo, ndipo mlembi alembe kuti kalata inatumizidwa tsiku lakuti. Munthu wosadziwa kulemba anene mau ache pamaso pa mboni ziwiri, mlembi awalembe, awerenge mokweza, mwini wache adindepo chala.

Funso lachiwiri ndi lakuti, kodi komiti inatenga kuti mphamvu? Mlembi atchule nambala ya lamulo. Kwa ife ndi lamulo 9, limene linena kuti komiti ikhoza kulowetsa membala amene anapereka ndalama za khadi lache, kuti akhale kufikira msonkhano waukulu wotsatira, ndi kuti olowetsedwa asapitirire atatu pa nthawi imodzi. Alembi a nthambi zina, musakopere nambala yathu, kaoneni m'malamulo anu. Mukapeza kuti malamulo anu sanena kanthu za kulowetsa munthu, ndiye kuti mphamvuyo mulibe, ndipo njira yanu ndi kuitana mamembala.

Funso lachitatu ndi lakuti, kodi unali msonkhano weniweni? Msonkhano wa komiti ukhala weniweni pamene onse a m'komiti anaitanidwa pa nthawi yache, nkhaniyo inalembedwa pa kalata yoitanira, ndipo ofika anakwana chiwerengero chimene malamulo afuna. Kwa ife kalata ipite masiku 7 msonkhano usanachitike, ndipo ofika asachepere 6. Pa maliro paja tinali asanu, ndipo anai enawo sanadziwe nkomwe kuti nkhaniyi ikambidwa. Ngakhale tikadakhala asanu ndi mmodzi, kusaitana anzathuwo kukadaononga zonse, pakuti munthu amene sanaitanidwe walandidwa voti yache. Pa msonkhano wokonza tinatumiza makalata kwa onse 9 otsala, ndipo tinalengeza m'midzi kuti mpando uli wopanda mwini, kuti amene ali ndi dzina alipereke kwa mlembi. Anafika 8, mmodzi anapepesa chifukwa cha matenda.

Pano pali msampha umene ambiri amagwamo. Munthu amene afuna kulowetsedwa sawerengedwa pa chiwerengero chija, ngakhale akhale pa benchi pomwepo. Iye akhala wa m'komiti pokhapokha voti itatha. Mukakhala asanu ndipo wachisanu ndi chimodzi ndi mlendoyo, simunakwane. Dzina lache lisalembedwe pamodzi ndi ofika a m'komiti, koma pansi pache, kuti "analipo moitanidwa".

Funso lachinai ndi lakuti, kodi maina anatchulidwa ndi yani, ndipo voti inayenda bwanji? Dzina lirilonse likhale ndi wolitchula ndi wina wolivomereza, amene ambiri timati wosekonda, ndipo onse awiri alembedwe. Ife tinalandira maina atatu: abambo a pa golosale aja, mai wina wa kutsidya kwa mtsinje, ndi mnyamata wina wa m'mudzi wa kumtunda. Mmodzi wa m'komiti anaimirira nanena kuti mnyamatayo ndi mphwache, mwana wa mlongo wache, ndipo anapempha kutuluka. Anachita bwino, ndipo ndinalemba kuti anatuluka nthawi ya voti. Tinatsala 7, ndiye kuti chiwerengero chinali chokwanabe. Mlembi aziwerenganso anthu nthawi iriyonse wina akatuluka, pakuti msonkhano ukhoza kuyamba wokwana ndi kuperewera pakati.

Atatu aja anadikira kunja, ndipo tinaponya voti pa timapepala. Abambo a pa golosale anapeza 3, mai wa kutsidya 3, mnyamata 1. Tsono tamverani bwino apa. Pa anthu 7, wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka, ndiwo 4. Ngakhale zikadakhala 3, 2 ndi 2, wa mavoti atatuyo sakadapambana, chifukwa anthu anai sanamfune. Njira yache ndi kuchotsa dzina la wotsiriza ndi kuponyanso. Tinachotsa dzina la mnyamata, ndipo ulendo wachiwiri mai wa kutsidya anapeza 4, abambo a pa golosale 3. Maulendo onse awiri ndinawalemba ndi manambala ache. Sindinalembe kuti auje anavotera auje, ndiponso sindinalembe zimene anthu ananena za makhalidwe a atatuwo. Bukhu la maminitsi lisunga zimene komiti yagamula, osati miseche. Mavoti akadalingana ulendo wachiwiri, malamulo athu apatsa wapampando voti ina yodula nkhani, ndipo akaigwiritsa nchito, chimenecho chiyenera kulembedwa poyera.

Ndidziwa kuti abambo a pa golosale zinawawawa, pakuti anagwira bokosi miyezi isanu ndi iwiri mokhulupirika. Amene tinawalakwira ndife, powaika pa mpando umene unalibe miyendo. Komiti inawathokoza, ndipo kuthokozako kunalembedwa.

Funso lachisanu ndi lakuti, kodi munthuyo walowa pa mpando uti, ndipo kufikira liti? Apa ndi pamene ndinaphunzira chinthu chimene sindinachidziwe. Msungichuma akachoka, zotsala ndi ziwiri: malo ache m'komiti, ndi udindo wa bokosi. Kulowetsa munthu m'komiti sikumpatsa bokosi. Ife tinagamula kuti bokosi ligwidwe ndi mmodzi wa asanu aja amene inu munawasankha ndi manja anu, ndipo mai wolowetsedwayo akhale membala wamba wa komiti. Tinaona kuti ndalama za anthu zikhale m'manja mwa munthu amene anthuwo anamsankha. Zimenezi ndi zigamulo ziwiri, ndipo zinalembedwa pa manambala awiri osiyana. Nthambi ina ikhoza kufuna kuti wolowetsedwayo ndiye agwire bokosi, ngati malamulo ache alola, koma zigamulo zikhalebe ziwiri.

Za nthawi, lembani poyera kuti akhala kufikira msonkhano waukulu wotsatira. Mukapanda kulemba, patapita zaka ziwiri palibe adzakumbukira kuti munthuyo sanasankhidwe, ndipo iye mwini adzaiwala. Lembaninso ngati ali ndi voti. Wolowa pa mpando wopanda mwini ali ndi voti monga anzache. Koma nthawi zina komiti imaitana munthu wodziwa nchito ina, monga mmisiri pamene tikumanga, kuti azipereka nzeru chabe. Ameneyo sadzaza mpando wa munthu, alibe voti, ndipo sawerengedwa pa chiwerengero. Mukasakaniza awiriwa m'bukhu, mudzapeza komiti ya anthu 10 yasanduka ya 13.

Funso lotsiriza ndi lakuti, kodi mwini wache anavomera? Si bwino kulowetsa munthu amene ali kumunda osadziwa kanthu. Mai uja anaitanidwa kulowa, a Pampando anamuuza zimene komiti yagamula ndi malire ache, ndipo anavomera ndi kusaina m'bukhu. Kuyambira pa nkhani yotsatira anakhala pamodzi nafe ndi kuponya voti.

Mmene zinalembedwera

Ndiwerenga mmene ziriri m'bukhu, koma maina ndi masiku ndawachotsa. Alembi, inu mudzaikapo anu.

*Nkhani 4. Mpando wopanda mwini. Mlembi anawerenga kalata ya Bambo Uje ya tsiku lakuti, yotula pansi udindo wa msungichuma ndi malo ao m'komiti. Komiti inailandira. Kalatayo yamatidwa pa tsamba lino.*

*Nkhani 5. Kulowetsa membala monga mwa lamulo 9. Nkhaniyi inali pa kalata yoitanira msonkhano, ndipo inalengezedwa m'midzi. Maina atatu anatchulidwa, lirilonse ndi wolitchula ndi wolivomereza, monga alembedwa pansipa. Msungichuma wogwirizira anaonetsa kuti onse atatu anapereka ndalama za makhadi ao. Bambo Uje anatuluka chifukwa cha ubale. Otsala 7, chiwerengero chokwana. Voti yoyamba: 3, 3, 1. Dzina lotsiriza linachotsedwa. Voti yachiwiri: 4, 3. Kunagamulidwa kuti Mai Uje a m'mudzi wakuti alowetsedwe m'komiti m'malo mwa Bambo Uje, akhale ndi voti, kuyambira lero kufikira msonkhano waukulu wotsatira. Mai Uje anavomera nasaina. Olowetsedwa m'komiti tsopano ndi mmodzi.*

*Nkhani 6. Udindo wa msungichuma. Kunagamulidwa kuti Bambo Uje, membala wosankhidwa wa komiti, agwire udindowu kufikira msonkhano waukulu wotsatira, ndi kuti dzina lao liikidwe pa osainira ndalama ku banki m'malo mwa msungichuma wakale.*

*Nkhani 7. Malisiti a miyezi yapitayi. Anthu awiri a m'komiti anawerenga ndalama za m'bokosi ndi kuzilinganiza ndi malisiti, kuyambira nambala yakuti kufikira yakuti, ndipo zinagwirizana. Komiti inavomereza malisitiwo kuti ndi a nthambi.*

Mwamva kuti si zambiri. Tsamba limodzi likwana. Nkhani 7 inafunika chifukwa cha cholakwa chathu chija: munthu amene sanaikidwe mwa lamulo analemba malisiti miyezi isanu ndi iwiri, ndipo eni malisitiwo anayenera kudziwa kuti ndalama zao zinawerengedwa.

Wina anandinong'oneza kuti, "Aphunzitsi, bwanji mungong'amba tsamba lakale lija ndi kulemba lina lokongola, muikepo tsiku la kale?" Ndinakana, ndipo ndikupemphani alembi anzanga kuti nanunso muzikana. Kulemba msonkhano umene sunachitike ndi bodza, ndipo ukaperekedwa ku banki usanduka mlandu. Anai aja amene sanaitanidwe akadadziwa kuti ndi bodza. Mlandu suola. Mzere wanga wolakwa uja ulipobe m'bukhu. Pambali pache ndinalemba kuti "onani nkhani 4 mpaka 7 za msonkhano wa tsiku lakuti", ndipo a Pampando anasainapo. Bukhu la maminitsi likhale losokedwa, masamba ache akhale ndi manambala, lilembedwe ndi inki, ndipo polakwa mudule ndi mzere umodzi kuti zakalezo ziziwerengekabe.

Nchito yotsala msonkhano utatha

Kulemba sikutha tsiku lomwelo. Pa msonkhano wotsatira wa komiti maminitsi awerengedwe mokweza, amene analipo avomere kuti ndi zoona, ndipo wapampando asaine ndi kuikapo tsiku. Kusaina kumeneku ndiko kusandutsa zolemba za mlembi kukhala mau a komiti. M'lamulo la ku Mangalande lija, maminitsi osainidwa chotero amalandiridwa ngati umboni popanda kufuna umboni wina. Ife pofuna kufulumira za malata tinaitana msonkhano wina patapita masiku 7, maminitsi anasainidwa, ndipo ndinakopera nkhani 4 ndi 6 pa pepala, a Pampando ndi ine tinasaina kuti ndi zofanana ndi za m'bukhu. Ku banki anatifunsanso zitupa ndi mafomu ao, koma za maminitsi sanabwezenso.

Pambuyo pache mlembi alembere akulu a ku boma lathu la chipani kuwadziwitsa za kusinthaku, ndipo akonze mndandanda wa komiti umene uli kumapeto kwa bukhu. Pa mndandanda wanga tsopano dzina lirilonse liri ndi zinthu zitatu pambali: njira imene munthuyo analowera, tsiku lolowa, ndi tsiku lotsiriza. Ndipo pa msonkhano woyamba wa mamembala nkhaniyi inenedwe poyera, monga tinachitira. Ukafika msonkhano waukulu, mpando wa wolowetsedwayo uli m'gulu la mipando yofuna chisankho. Akafuna kupitiriza aime monga wina aliyense.

Pamene komiti isayese nkomwe kulowetsa munthu

Ndisanakhale pansi ndinene za malire, pakuti njira iyi ikhoza kuononga nthambi mwakachetechete. Taganizani komiti ya anthu 10. Mmodzi amwalira, alowetsa mnzao. Wina asamuka, alowetsa mlamu. Wina atopa, alowetsa wa mpingo wao. Msonkhano waukulu auchedwetsa chifukwa cha mvula, kenaka chifukwa cha kukolola. Posakhalitsa theka la komiti ndi anthu amene inu simunawakwezere dzanja, ndipo iwowo ndiwo alowetsa ena. Palibe tsiku limene munganene kuti apa ndi pamene analakwa, koma nthambi yachoka m'manja mwanu. Ndi chifukwa chache lamulo lathu liletsa kupitirira atatu, ndipo ndi chifukwa chache ndinalemba mzere uja wakuti "olowetsedwa tsopano ndi mmodzi". Mlembi akamalemba nambala imeneyi nthawi zonse, tsiku lofika pa atatu aliyense adzaona.

Ndiponso otsala m'komiti akachepa kufikira sangathe kukwana 6, sangadzichiritse okha polowetsa anthu, pakuti msonkhano wosakwana ulibe mphamvu yogamula kanthu. Chimene angachite ndi kuitana mamembala onse. Chimodzimodzi mpando ukasiyidwa kutatsala mwezi umodzi kuti msonkhano waukulu uchitike, ine ndiona kuti nkwabwino kudikira, pokhapokha ngati nchito yaima.

Tsono inu mamembala muli ndi mbali yanu. Mukamva kuti auje alowa m'komiti, musayambe ndi kung'ung'udza ku chitsime kapena pa bawo. Bwerani pa msonkhano mupemphe kuti mlembi awerenge nkhaniyo. Mverani ngati itchula mmene mpando unasiyidwira, nambala ya lamulo, anthu amene analipo, mavoti, ndi tsiku lotsiriza. Zikakhalamo, munthuyo mlandireni ndi kugwira naye nchito. Chikasowa chimodzi, funsani, ndipo mlembi asakwiye. Bukhu ndimalisunga ine, koma eni ache ndinu.

Msonkhano waukulu wathu uli pafupi, ndipo mpando wa mai wa kutsidya ndi udindo wa msungichuma zidzabwerera m'manja mwanu tsiku limenelo, monga zinalembedwera. Alembi amene afuna kukopera nkhani zinai zija andipeze tikatha pano, bukhu ndabwera nalo.